Kwatsala Masabata 8: Kalata Imene Ndimalembera Ana a Fomu 4

Chaka chilichonse, mayeso oyeserera aja timati moko akangochongedwa, ndimakhala pansi n'kulemba kalata ya tsamba limodzi. Ina ndimaimata pakhoma la kalasi, pafupi ndi bolodi, ndipo mwana aliyense amaikopera kuseri kwa kope lake la masamu. Imayamba chonchi: "Ana anga a Fomu 4, kwatsala masabata 8 kuti mulembe MSCE. Musawerenge chilichonse sabata yoyamba ino. Bweretsani pepala lanu la moko, ngakhale mutalipinda kanayi chifukwa cha manyazi."

Chaka china bambo wina anabwera kusukulu ataona mawu amenewa m'kope la mwana wake. Anandifunsa mwaulemu koma nkhope ili gwa: "Aphunzitsi, mayeso ali pakhomo, inu mukuuza mwana kuti asawerenge?" Ndinawapatsa mpando n'kuwafotokozera. Zimene ndinawauza tsiku limenelo ndi zimene ndikulemba pano, chifukwa makolo ambiri amaona ndondomeko zoterezi zitamatidwa m'makope a ana awo koma sadziwa kuti yabwino imaoneka bwanji.

Ndimaphunzitsa masamu pasukulu yoyendera, ndiye tiyambe ndi kuwerengera. Masabata 8 amamveka ambiri. Koma mwana wochokera kunyumba, amene amayenda mtunda wautali, n'kukafikira kutunga madzi, kutonola chimanga kapena kuphika, akapeza maola awiri owerenga madzulo alionse ndiye kuti zamuyendera. Maola awiri kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndi maola 10. Tionjezepo anayi a Loweruka, akwana 14 pa sabata. Pa masabata 8 ndi maola 112. Ngati akulemba maphunziro 8, phunziro lililonse likupeza maola 14 okha, oti abwerezemo zonse za Fomu 3 ndi Fomu 4. Ndipo apa sitinachotsepo maliro, malungo, kapena usiku umene nyali ya sola yathima chifukwa kunachita mitambo tsiku lonse, monga kumachitira m'mwezi wa Juni.

Ndikalemba chiwerengero chimenechi pabolodi, m'kalasi mumati zii. Mwana amene ankaganiza zoyamba buku patsamba loyamba n'kumapita nalo mpaka kumapeto amaona yekha kuti sizingatheke. Ntchito yeniyeni ya ndondomeko yobwereza ndi kusankha zoti mwana asiye, ndipo chimene chimasankha ndi pepala lake la moko.

N'chifukwa chake sabata yoyamba timaithera pa pepalalo. Aliyense amatenga funso ndi funso n'kulemba pambali chifukwa chimene malikisi anathawira. Zifukwa zilipo zitatu zokha: sindinkadziwa n'komwe poyambira, ndinkadziwa koma ndinalakwitsa panjira, nthawi inandithera. Kenako amaonkhetsa malikisi a mulu uliwonse.

Ndikumbuka mtsikana wina wofatsa, wokhala kumbuyo kufupi ndi windo, amene anapeza 38 pa 100. Iye anali atagamula kale kuti masamu si ake. Titagawa malikisi 62 amene anataya, zinatuluka chonchi: 27 anali a mafunso amene sankawadziwa, 21 anali a mafunso amene anawayamba bwino n'kuwagwetsa panjira, ndipo 14 anali a mafunso a kumapeto amene sanawakhudze chifukwa nthawi inatha. Ndinamuuza kuti aonkhetse 21 ndi 14. Anapeza 35. "Mwana wanga," ndinatero, "malikisi 35 awa safuna kuti uphunzire chatsopano. Ali kale m'thumba mwako, koma thumbalo ndi lobooka."

Tinayang'ana pamene panabooka. Funso lina linali lakuti apeze x mu 2x² − 5x − 3 = 0. Fomula anailemba bwinobwino, osaphonya kalikonse. Pofuna b² − 4ac, anatenga kakyuleta n'kudina -5² popanda mabulaketi. Kakyuleta imatenga zimenezi ngati kuchulukitsa 5 ndi 5 kenako n'kuika chizindikiro chochotsera kutsogolo, choncho inamupatsa −25 m'malo mwa 25. Ataonjezera 24 anapeza −1, ndipo atafuna sikweya ruti ya −1 makinawo anamulembera Math ERROR. Iye anaganiza kuti funsolo ndi lolakwika, n'kulikhwatcha lonse. Akanadina (-5)², akanapeza 25, kuonjezera 24 n'kukhala 49, ruti yake 7, ndipo x akanakhala 3 kapena −½. Titafufuza pepala lonse tinapeza kuti chizindikiro chochotsera chomwechi chinamudyera malikisi pa mafunso anayi osiyana. Mwana wotere mukamuuza kuti awerenge buku lonse, mwamupatsa mankhwala a mutu pamene chikumupweteka ndi dzino.

Zolakwa zoterezi zimalembedwa m'kope lapadera limene timalitcha kope la zolakwa. Kumanzere kwa tsamba mwana amakopera funso, kumanja amalemba m'mawu akeake chimene chinamugwetsa, mwachitsanzo "ndinaiwala mabulaketi pa nambala yochotsera". Yankho lolondola silimalembedwa patsamba limenelo. Limapita kumapeto kwa kope, kuti pobwereza asalione msanga.

Sabata yachiwiri ndi yachitatu ndimazipereka ku aljebula: kufakitoraiza, ma ikwezhoni a kwadiratiki, mafulakishoni okhala ndi zilembo, kusintha mwini fomula, ma indeksi ndi malogarizimu. Ena amadabwa kuti mutu umodzi ukudya masabata awiri pamene silabasi ndi yaitali. Koma aljebula ndi mtondo umene mitu ina yonse imasinjiramo. Mwana amene sangathe kusamutsa nambala kuchoka mbali ina ya ikwezhoni kupita mbali ina adzagwanso pa tirigonometiri, pa mapulogireshoni ndi pa jiyometiri ya makodineti, ngakhale mafomula ake atawaloweza ngati nyimbo ya fuko. Sabata yachinayi ndi ya masekelo, matanjenti ndi tirigonometiri, ndipo yachisanu ndi ya magirafu, sitatisitikisi, pulobabilite, mamatirikisi ndi mavekita. Mitu yomalizayi ndimaikonda chifukwa njira yake siisinthasintha. Mwana wapakatikati akaigwira bwino amatolapo malikisi mosavuta.

Koma mndandanda wa mitu si umene umapangitsa kalatayi kugwira ntchito. Mphunzitsi aliyense angaulembe m'mphindi zisanu. Chimene ndimalimbana nacho ndi zimene mwana amachita akakhala pansi madzulo. M'kalatamo muli mzere umene ndimaudula kunsi kawiri: "Theka la ola la masamu ndi mphindi 10 buku lili chitsegulire, ndi mphindi 20 buku lili chitsekere."

Ana ambiri akamati akuwerenga amatanthauza kuyendetsa maso pa manotsi. Tsamba limaoneka lodziwika, mtima umakhala pansi, mwana n'kumati izi ndazigwira. Koma kuzindikira chinthu chili pamaso n'kosiyana ndi kuchitulutsa m'mutu pepala lili loyera, ndipo m'chipinda cha mayeso chimene chimafunika ndi chachiwiricho. Akatswiri awiri a ku Amereka, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anasindikiza kafukufuku wa zimenezi mu 2006. Anapatsa ophunzira a kuyunivesite nkhani yaifupi. Gulu lina linaiwerenga mobwerezabwereza. Lina linaiwerenga pang'ono, nthawi yotsalayo n'kumalemba zimene likukumbukira popanda kuonera. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, owerenga mobwereza aja ndi amene anachita bwino. Atawayesa patapita sabata, zinthu zinatembenuka: odziyesa aja anakumbukira pafupifupi 61 pa 100 ya mfundo za nkhaniyo, owerenga mobwereza 40 yokha. Chondisangalatsa n'chakuti gulu lowerenga mobwerezalo ndi limene linkadzidalira kwambiri kuti lidzakumbukira. Ana anga otere ndimawadziwa ndi mayina. Makope awo ndi okongola, mitu yodulidwa kunsi ndi bolopeni yofiira, ndipo amatuluka m'mayeso akunena kuti zonse anazidziwa koma zinangowathawa.

Kutseka buku kumapweteka. Mwana amakhala ndi pensulo m'manja, mutu uli mbuu, n'kumaona ngati akutaya nthawi. Ndimawauziratu kuti zidzatero, kuti asathawe. Akalephera, atsegule, aone pamene panavuta, atsekenso, ayambirenso funsolo kuchokera pamwamba.

Chinthu chachiwiri chimene kalatayi imasamala ndi tsiku lobwerera. Zinadziwika kalekale, kuyambira pa ntchito ya Hermann Ebbinghaus wa ku Jeremani mu 1885, kuti zimene munthu waphunzira zimathawa mofulumira m'maola ndi masiku oyambirira, kenako n'kumatha pang'onopang'ono, ndiponso kuti kubwereza kotalikirana kumasiya zambiri m'mutu kusiyana ndi kubwereza kounjika tsiku limodzi. Ndondomeko zambiri zimene ndimaona zimaphonya apa. Zimaika aljebula sabata yachiwiri, ndipo mwana sadzaionanso mpaka tsiku la mayeso, patapita mwezi ndi theka. M'kalata yanga mutu uliwonse umaonekera kanayi: tsiku louphunzira, mawa lake kwa mphindi zisanu zoyambirira, Lachisanu la sabata yomweyo, ndiponso patapita masabata atatu. Ndiye aljebula ya sabata yachiwiri imatulukiranso sabata yachisanu, mwana ali mkati mwa magirafu.

Lachisanu lililonse timalemba kamayeso ka mphindi 30, mafunso asanu ndi limodzi: atatu a sabata imeneyo, atatu a m'mbuyo, onse osakanizidwa, opanda mutu pamwamba. Kusakanizako ndi dala. M'buku, mafunso onse apansi pa mutu wa lamulo la kosaini amafuna lamulo la kosaini, ndipo mwana sasowa kuganiza. Pepala la MANEB silinena kuti funso ili ndi la mutu wakuti. Limangokupatsa thirayango, iwe uone wekha ngati pakufunika saini kapena kosaini. Kusankha njira ndi luso palokha, ndipo mwana amene sanaliyeserepo amalipeza koyamba m'holo, woyang'anira mayeso akuyendayenda pambali pake.

Kamayeso ka Lachisanu kameneka ndi kamenenso kamandiuza ngati ndondomeko ikugwira. Mwana akamakhoza atatu a sabata ino n'kumagwa pa atatu akale, ndiye kuti akudumpha masiku obwerera. Akamagwa pa onse koma thayimutebulo yake ili ndi zochonga mabokosi onse, ndiye kuti akuwerenga buku lili chitsegulire. Akamakhoza anayi oyamba awiri omaliza osawafika, vuto ndi liwiro. Kholo lingathe kuona zimenezi ngakhale lisakudziwa masamu. M'malo mofunsa kuti "wawerenga?", lingopempha kuona mapepala amene mwana wasovapo. Amene wagwiradi ntchito amakhala ndi mapepala akuda, okhwatchakhwatcha. Amene ali ndi kope loyera ndi maso ofiira wangokhala ndi buku.

Sabata yachisanu ndi chimodzi m'kalata yanga mulibe kanthu. Pamangolembedwa kuti "sabata yobweza ngongole". Izi ndinaziphunzira movutikira. Ndondomeko yanga yoyamba, ndili mphunzitsi wachinyamata, inali yodzaza ngati minibasi ya m'mawa: tsiku lililonse mutu wake, Lamulungu lomwe, mpaka usiku woti mawa mayeso. Sabata yachiwiri kunagwa maliro m'mudzi wina umene munkachokera ana ambiri, ndipo anajomba masiku atatu. Pobwera anapeza kuti atsalira ndi mitu itatu, popanda poibwezera. Ena anayesa kuthamanga, ambiri anangoisiya ndondomekoyo, ndipo pofika sabata yachinayi pepala lija linali likulendewera pakhoma ndi ngodya imodzi, palibe woliyang'ana. Ndinawakalipira ana aja, koma wolakwa ndinali ine. Kuyambira pamenepo ndimasiya sabata yathunthu yopanda ntchito, ndipo Lamulungu sindilikhudza. Amene sanatsalire amagwiritsa sabatayo pa mulu woyamba uja, wa mafunso amene sankawadziwa n'komwe, koma asankhepo mitu iwiri yokha.

Kusankha iwiri yokha kumadabwitsa ena, ndipo aphunzitsi anzanga ena sagwirizana nane. Amati mwana ayenera kukhudza silabasi yonse. Ine ndimati mtsikana wa 38 uja alibe maola oti aphunzire mitu isanu yatsopano. Akaiyesa yonse adzaidziwa mwa apo ndi apo, zomwe pa masamu sizipatsa malikisi. Iye anasankha mamatirikisi ndi pulobabilite, n'kusiya mafunso a zinthu za mbali zitatu, amene ankamuzunguza mutu. Ndinamulola. Mwana amene akusaka poyinti 1 kapena 2 sindingamulole zimenezo; kalata ndi imodzi koma sabata imeneyi aliyense ali ndi yake.

Mapasiti pepala athunthu amabwera sabata yachisanu ndi chiwiri. Mafunso ake timakhala tikuwatola kuyambira pachiyambi, mutu ndi mutu, koma mapepala awiri a zaka zaposachedwa ndimawabisa kuti ana asawaone mpaka sabata imeneyi, chifukwa pepala limene waliona kale silikuuza zoona. Timalemba monga mmene zidzakhalire: madesiki otalikirana, wotchi pabolodi, osafunsa mnzako, osatuluka. Ndimawaphunzitsa kugawa nthawi ndi malikisi. Pepala la malikisi 100 la maola awiri likutanthauza mphindi 6 pa funso la malikisi 5. Zikakwana 8 usanaone kolowera, siya mpata, pita kutsogolo. Malikisi 14 amene mtsikana uja anataya kumapeto kwa moko anawatayira pa funso limodzi la pakati, limene analimbana nalo kwa mphindi zoposa 20, pamene kumapeto kunali girafu yoti akanaijambula mosavuta.

Pochonga, amasinthana mapepala ndipo ndimawaonetsa mmene malikisi amagawidwira. Ambiri amadzidzimuka kuona kuti njira ili ndi malikisi ake, kuti amene walemba fomula, n'kulowetsamo manambala molondola, n'kuphonya pomaliza penipeni, amapezako kanthu, pamene wolemba yankho lokha lolakwika amachoka chimanjamanja. Kuchokera tsiku limenelo amasiya kusovera pachikhatho ndi padesiki.

Pali chinthu china chimene ndimaika m'munsi mwa kalatayo ngakhale sichikhudza phunziro langa. Magiredi a MSCE amayambira pa 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 ndi kulephera. Satifiketi siituluka popanda kukhoza Chingerezi, ndipo ofuna malo kuyunivesite za boma amafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Choncho ndimauza ana kuti pa maola 14 a pa sabata, masamu atengepo atatu basi, ndipo Chingerezi chisasowe tsiku lililonse ngakhale kwa mphindi 20. Ndinaonapo mnyamata wakuthwa pa masamu ndi sayansi akubwereza Fomu 4 chifukwa cha 9 ya Chingerezi. Mphunzitsi amene amalemba ndondomeko ngati phunziro lake ndi lokhalo padziko akubera anzake maola, ndipo wolipira ndi mwana.

Ndimalembamonso mzere umodzi wa likasa. Masabata omalizawa ndi amene pamatuluka mapepala a pafoni amene amati ndi enieni, ogulitsidwa ndi anthu osaoneka nkhope. Kupatula kuti ndi mlandu, amadya nthawi: mwana amatha mausiku atatu akuloweza mayankho a mafunso amene sadzabwera. Ndipo pamene mayeso anabedwadi, mu 2020, MSCE inaimitsidwa ili mkati mu Novembala, ana onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa, n'kukalembanso mu Januwale 2021.

Ndisaname, kalatayi ili ndi malire. Siingathandize kalasi imene silabasi siinathe, chifukwa munthu sabwereza chimene sanaphunzire; zikatero masabata awiri a pakati amasanduka ophunzitsa, ndipo ndimawauza ana poyera kuti ndi mmene zilili. Siingakonzenso m'masabata 8 mwana amene mafulakishoni a ku pulayimale anamudutsa. Woteroyo timakhala naye padera n'kusaka mafunso ochepa amene angamuchotse pa 9.

Sabata yomaliza ndi yopepuka kuposa zonse. Palibe mutu watsopano. Mwana amatsegula kope la zolakwa lija, n'kusova funso lililonse la kumanzere ataphimba kumanja. Limene walikhoza amalidula mzere. Lotsala amalibwereza mawa lake. Maola owerenga amatsika, ndipo ndimalemba nthawi yogona: 9 koloko. Ndikudziwa kuti alipo amene amaviika miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti asagone, m'nyengo yachisanu ngati imeneyi, n'kuchezera mpaka tambala woyamba. Ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo, ndipo mwana wosagona ndi amene amaiwala mabulaketi. Zotsalazo ndi zing'onozing'ono zimene zimaliza anthu m'mawa wa mayeso: chiphaso cha MANEB, mabolopeni awiri, pensulo yosongoka, labala, lula, kampasi yosagwedera, ndi kakyuleta yomweyo imene wakhala akugwiritsa ntchito. Yobwereka usiku womaliza imakhala ndi mabatani pena, ndipo nthawi zina mwini wake anaisiya pa R kapena G m'malo mwa D. Ndimawauza kuti adine sin 30 asanalowe; ikapanda kupereka 0.5, aikonze ali panja.

Mtsikana wa pawindo uja anabwera ku ofesi Lachinayi la sabata yomalizayo, kope la zolakwa lili m'manja. Mafunso onse anali odulidwa mzere kupatula awiri. Anaima pakhomo n'kunena chapansipansi, "Aphunzitsi, awiriwa akukanabe." Ndinayang'ana. Limodzi linali la malogarizimu, ndipo tinalisova limodzi pomwepo, iye akulemba ine ndikungoloza. Linalo linali la piramidi, la mitu ija tinagwirizana kuti aisiye. Ndinamubwezera kopelo n'kumuuza kuti limenelo alisiye momwemo, apite kwawo kusanade.